Tipu imalowa pini isanalowe

Ndimagwira ntchito yoperekera zakudya pamalo ena odyera kuno ku Dedza, kufupi ndi msewu wa M1. Alendo athu ambiri ndi odutsa. Ena amachokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre, ena ndi a m'mabungwe obwera ku misonkhano, ena ndi azungu opita kukaona zojambula zakale za pamiyala ku Chongoni kapena kukakwera phiri la Dedza. Kale mlendo akakhuta ankasiya chenji m'mbale ya bilu n'kumapita, ife n'kugawana madzulo. Masiku ano ambiri amatulutsa khadi kapena foni, ndipo kangachepe kathu kamadutsira m'makina. Kuti kadutse bwino pali lamulo limodzi limene ndimaphunzitsa aliyense wobwera kumene pantchitoyi: tipu iyenera kulowa m'chiwerengero mlendo asanalembe pini yake.

Chifukwa chake chili m'mene khadi imagwirira ntchito. Ndikalemba ndalama pa makina, mlendo n'kulowetsa khadi, kachitsulo kagolide ka pakhadipo kamatenga chiwerengero chimenecho pamodzi ndi tsiku ndi zina, n'kupanga chizindikiro chobisika chimene chimapita ku banki ya mlendoyo. Ngati khadi ndi ya banki ina ya m'dziko momwe muno, uthengawo umadzera ku Natswitch, imene inalumikiza mabanki a ku Malawi kuyambira 2015. Ngati ndi ya kunja umadzera ku Visa kapena Mastercard. Banki imaona ngati ndalama zilipo, ndipo imavomereza chiwerengero chomwe yafunsidwacho basi. Pagalasi pakaoneka mawu akuti APPROVED, nkhani yatha. Makina athu salola kuwonjezera ngakhale tambala pa malipiro amenewo. Mlendo akakumbukira tipu nthawi imeneyo, ndiye kuti tiyambe malipiro achiwiri apadera, ndipo si ambiri amafuna kutulutsanso khadi atabweza kale m'chikwama.

Makina a khadi amasiyana ndi mmene banki inawakonzera. Pali ena amene ukalemba bilu amafunsa okha, pagalasi n'kuoneka TIP kapena GRATUITY. Pamenepo umapereka makina kwa mlendo, iye n'kulemba zomwe wafuna kapena kudumpha, makina n'kuphatikiza okha, ndipo risiti imatuluka ndi mizere itatu: bilu, tipu ndi zonse pamodzi. Amene ndimagwiritsa ntchito ine alibe zimenezo. Amangofunsa AMOUNT kamodzi, choncho kuphatikiza ndi kwanga, ndipo kumachitika papepala makina ndisanawakhudze.

Tiyerekeze kuti pathebulo pakhala anthu atatu, adya nkhuku ndi tchipisi cha mbatata ya kachewere ya konkuno, amwa tiyi chifukwa cha chisanu cha mu Juni, ndipo bilu yakwana K46,500, msonkho uli momwemo. Ndimaika bilu pathebulo ndi cholembera, n'kuchokapo pang'ono. Pansi pa bilu yathu pali mizere iwiri yopanda kanthu, wina wa tipu, wina wa zonse pamodzi. Ndikabwera ndi makina ndimafunsa funso limodzi lokha: "Bambo, ndilembe zingati?" Sindifunsa ngati atipatseko kanthu, chifukwa limenelo ndi pempho, ndipo limachititsa manyazi munthu amene sanakonzeke. Funso langa limasiya mpata kwa onse. Wosafuna amati, "Zomwe zili pabiluzo," ndipo ndimalemba mosasintha nkhope. Wofuna amatchula zake.

Bambo wa pathebulo lija akanena kuti ndiwonjezere magawo 10 pa 100 alionse, ndimachotsa ziro womaliza pa K46,500, kutsala K4,650, ndipo zonse pamodzi ndi K51,150. Koma nthawi zambiri Amalawi sawerengera choncho. Amangoti, "Lembani 52." Pamenepo ndimabwereza mokweza pang'ono kuti, "K52,000, Bambo?" Akavomera ndimalemba pabilu K5,500 pamzere wa tipu ndi K52,000 pamzere wa zonse. Kubwerezako n'kofunika chifukwa mawu ngati "ikanipo 5" amamveka pawiri: mwina akutanthauza K5,000, mwina magawo 5 pa 100, omwe pabilu imeneyi ndi K2,325 yokha.

Tsopano pakubwera pamene ambiri ongoyamba amapunthwa. Makina ambiri a khadi amayamba kuwerenga kuchokera ku matambala. Ukadina 52000, pagalasi pamaoneka 520.00, kutanthauza K520 yokha. Kuti ikwane K52,000 uyenera kudina 5200000, ndiye kuti 52 ndi maziro asanu. Ukapitiriza ndi ziro mmodzi, mlendo walipira K520,000. Ndalama zathu zili ndi maziro ambiri, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, ndipo mlendo wa kunja amene sanazolowere kwacha sangazindikire msanga kuti chiwerengero chatalika. N'chifukwa chake sindiwerenga zala zanga, ndimawerenga galasi. Ndimayang'ana pamene pali kadontho, kenako ndimatembenuza makina kuti mlendo aone yekha, n'kunena kuti, "Taonani kaye, Bambo, musanalembe pini." Akamalemba ndimayang'ana kumbali.

Makhadi ongogunditsa pa makina amafuna kusamala koposa. Pa ndalama zochepa khadi yotere nthawi zina siifunsa pini n'komwe, ndiye kugunditsako ndi kumene kuli kuvomereza. Mlendo wofulumira amatha kutambasula dzanja makina akadali m'manja mwanga, funso la tipu lisanafunsidwe, malipiro n'kudutsa. Choncho sindidina batani lobiriwira mpaka titagwirizana chiwerengero, chifukwa batani limenelo ndi limene limadzutsa makina kuti ayambe kumva khadi.

Alendo a ku America ndi amene amadabwa kwambiri ndi kachitidwe kathuka. Kwawo m'malo ambiri odyera banki imavomereza kaye bilu, kenako mlendo amalemba tipu ndi cholembera parisiti, ndipo eni malo amasintha chiwerengero m'makina pambuyo pake, asanatseke tsiku. Ndiye kuno mumamuona munthu akulemba pini mwachangu, kenako n'kumatembenuza risiti kufunafuna mzere woti alembepo. Ndikangomva kalankhulidwe kawo ndimawauziratu kuti kuno zonse zimalowa kamodzi. A ku South Africa savuta, chifukwa kwawonso amalemba tipu pabilu woperekera zakudya asanabweretse makina.

Pa foni zinthu zimatembenuka, chifukwa wolemba chiwerengero ndi mlendo mwiniwake. Wa Airtel Money amadina *211#, wa TNM Mpamba *444#, ena amatsegula pulogalamu ya banki yawo. Amasankha zolipira, amalemba nambala ya bizinesi yathu imene tinamata pakhoma, kenako ndalama. Palibe pamene foni imamufunsa za tipu, ndiye ngati akufuna kuwonjezera amaphatikiza yekha pamenepo, asanafike pa pini. Ine ntchito yanga ndi kumukumbutsa kuti aone dzina la malo athu pa uthenga wotsimikizira, kenako kudikira kuti uthenga ufike pafoni ya kukauntala. Uthenga wa pafoni ya mlendo wokha sitiudalira, chifukwa uthenga wakale kapena wopeka umaoneka chimodzimodzi. Ena amakonda kulipira bilu yokha ku bizinesi, n'kufunsa nambala yanga kuti anditumizire padera. Pamalo pathu tinagwirizana kuti zoterezi nazo tizizilemba m'buku la tipu, chifukwa nkhuku ija sinaphikidwe ndi ine.

Zikalakwika, mankhwala ake amadalira nthawi. Ngati chiwerengero cholakwika chadutsa ndipo tazindikira mlendo akadali pompo, pali VOID, imene imafafaniza malipirowo tsiku lisanatsekedwe. Imafuna nambala ya parisiti ndi nambala yachinsinsi ya woyang'anira, ndipo tikatero timayambanso ndi chiwerengero cholondola. Tikazindikira mawa lake, makina atatumiza kale malipiro onse ku banki, yatsala REFUND, ndipo ndalama zimatenga masiku kuti zibwerere kwa mwini wake. Vuto lina ndi netiweki, imene kuno kumapiri imathawathawa, makamaka magetsi akazima. Makina amatha kuzungulira kwa kanthawi n'kulephera kutulutsa risiti, pomwe foni ya mlendo yalira kuti ndalama zachoka. Apa osathamangira kuyesanso. Timasindikiza kaye risiti yomaliza. Ikaonetsa kuti malipiro anadutsa, zatha. Ikapanda kuonetsa, ndiye kuti kwa ife sizinafike, ndipo banki ya mlendo ndi imene iyenera kumubwezera. Woyesanso mwachimbulimbuli amatha kudula munthu kawiri, bilu ndi tipu yomwe.

Malipiro akadutsa bwino, ntchito sinathebe, chifukwa K5,500 ija siili m'thumba mwanga. Ili paulendo wopita ku akaunti ya eni malo, yosakanikirana ndi ndalama za nkhuku, ndipo makina opanda mzere wa tipu amangodziwa K52,000. Umboni wokha woti m'menemo muli kangachepe ndi bilu ija, n'chifukwa chake ndimaimanga pamodzi ndi risiti ya makina nthawi yomweyo. Madzulo woyang'anira amatseka tsiku, makina n'kusindikiza ndalama zonse zolowa pa khadi. Tinene kuti zakwana K431,500, pomwe mabilu olipiridwa pa khadi akwana K412,000. Kusiyana kwake ndi K19,500, ndipo kuyenera kufanana ndendende ndi zolembedwa pamizere ya tipu. Zikasiyana timafufuza risiti imodziimodzi tisanapite kunyumba. Zikafanana timagawana, ndipo tikakhala asanu, kuphatikiza wophika ndi wotsuka mbale, aliyense amapeza K3,900.

Pali kanthu kenanso kamene antchito ambiri sakadziwa. Banki imadula eni malo kagawo pa malipiro alionse a khadi, ndipo imadula pa chiwerengero chonse, tipu ili momwemo. Mwachitsanzo, mgwirizano utakhala wa magawo 2 pa 100, pa K52,000 ikhoza kutenga K1,040, ndipo K110 mwa imeneyo ndi ya pa tipu. Eni malo ena amaisenza okha, ena amaichotsa pa gawo la antchito. Ndimalangiza anzanga olowa ntchito pamalo atsopano kuti afunse zinthu zitatu sabata yoyamba: ngati tipu ya pa khadi imaperekedwa tsiku lomwelo kuchokera m'kabati ya ndalama kapena pakutha pa mwezi, amene amalipira kagawo ka banki, ndiponso amene amasunga buku. Mutu umodzi susenza denga, ndiye buku lathu timasaina awiri tsiku lililonse, woyang'anira ndi mmodzi wa ife, mosinthana. Mlendo akandifunsa ngati tipu ya pa khadi imatifikadi, ndimamuyankha kuti inde, ndipo akafuna ndimamuonetsa tsamba la dzulo.