Ziro wa kumapeto

Mayankho a fiziki amene amandipeza pa foni, ojambulidwa m'makope a ophunzira a kuno ku Tsangano, sindiyamba kuwachonga ndisanawerenge mzere womaliza wa funso. Pamzerepo ndi pamene wofunsa amanena kukula kwa yankho limene akufuna, ndipo ndi pomwe maso a ana athu amathamanga, chifukwa Chipwitikizi chake chimaoneka ngati chongotsekera nkhani.

Funso lina linali la batire ya 1,5 V yolumikizidwa ku waya wa 30,2 Ω. Linkafuna mphamvu ya magetsi oyenda m'wayamo, mwa manambala awiri otanthauza. Aliyense anagwiritsa bwino I = U/R, ndipo kakyuleta inawapatsa 0,0496688. Koma pa zithunzi panabwera mayankho atatu: 0,05 A, 0,049 A ndi 0,050 A.

Wolemba 0,05 anawerenga malo awiri kuchokera pa koma. Iyeyu wayankha funso lina, losafunsidwa, ndipo watsala ndi nambala imodzi yokha yotanthauza. Wolemba 0,049 anayambira pamalo oyenera, pa 4, koma anangodula mchira osayang'ana 6 wotsatira, amene amakweza 49 kukhala 50. Wolondola ndi wachitatu, amene aphunzitsi ambiri ofulumira angamudule ziro ndi cholembera chofiira.

Apa ndi pamene chinenero cha kwathu chimandigwirira ntchito. M'Chinyanja ndimawauza kuti aziro a kutsogolo ndi osunga malo chabe, ngati mwana wokhalira amayi ake pamzere wa kuchigayo. Sanabwere ndi chimanga. Ziro wa kumapeto, pambuyo pa koma, ndi mboni: akunena kuti malo amenewo tawayeza. Ndikafunsa kuti, "Iwe, wayambira pati kuwerenga, ndipo chifukwa chiyani?" mwana amayankha momasuka, ndipo ndimamva pomwepo ngati wasokoneza malo ndi manambala otanthauza. Ndikafunsa m'Chipwitikizi amangondibwezera lamulo loloweza.

Chithunzicho nacho chili ndi zake. Koma wa pensulo amazimirira pa pepala lojambulidwa madzulo, ndipo ziro wa kumphepete amatha kudulidwa ndi wojambula. Tili pamalire: mwana amene anayambira sukulu ku Ntcheu amalemba kadontho pamene ife timalemba koma, ndipo kadontho pa chithunzi sikasiyana ndi fumbi. Choncho ndimakuza chithunzi, ndikuona ngati A wa muyeso akuoneka pambuyo pa nambala. Akaoneka, ndiye kuti nambala yonse yalowa. Akapanda kuoneka, sindipereka malikisi kapena kuchotsa. Ndimapempha chithunzi china chosonyeza funso ndi njira yonse, pakuti ena amafupikitsa 30,2 kukhala 30 asanagawe, napeza 0,05 mwa njira imene yankho lokha silingaulule.