Foni ikakakamira pa E

Pa benchi yanga yokonzera mafoni, anthu ambiri amene amabwera ndi dandaulo la intaneti amakhala atagamula kale mlandu kuti foni yafa. Chomwe ndimayamba kuwafunsa ndi chilembo chimene chimaoneka pafupi ndi timizere ta netiweki. E ndi 2G, yochedwa kuposa zonse. H kapena H+ ndi 3G, ndipo LTE ndi 4G yomweyo.

Mphunzitsi wina wa kumudzi anabwera ndi Tecno yake, bandulo ali nayo koma zithunzi za pa WhatsApp zikungozungulira osatseguka. Wina anali atamuuza kuti asinthitse chipangizo cha netiweki m'kati mwa foniyo. Nditaiyatsa pano m'tauni, nthawi yomweyo inalemba 4G. "Aphunzitsi, foni yanu ili bwinobwino, musataye ndalama," ndinatero.

Vuto linali kwawo, kutali ndi nsanja. Foni ikasiyidwa kuti izisankha yokha, imathawa 4G yofooka n'kukagwira 2G imene ikumveka mwamphamvu, ndipo ikafika kumeneko imachedwa kubwerera. Timizere timadzaza onse, mwini wake n'kumadabwa kuti data ikukaniranji.

Ndinamuonetsa njira. Mu Settings, pa gawo la SIM ndi netiweki, pali Preferred network type. Pa Samsung amalemba Network mode, pansi pa Connections ndi Mobile networks. Ndinamuuza kuti akafika kunyumba asankhe 3G yokha, aime pawindo kapena pabwalo, adikire mphindi imodzi. H+ ikabwera, zithunzi zitseguka. Ikalemba No service, ndiye kuti 3G sifika pamalopo, abwezeretse momwe zinalili.

Mafoni ambiri saonetsa 4G yokha pamndandandawo. Pa ena, kupatula Samsung, imapezeka mukaimba nambala iyi n'kulowa mu Phone information:

```
*#*#4636#*#*
```

Apa ndiye ndimachenjeza kwambiri. Mukasankha LTE only pa foni yopanda VoLTE, intaneti ithamanga ndithu, koma okuimbirani sakupezani, ndipo manambala a nyenyezi ogulira bandulo kapena kutumizira ndalama akhoza kukana. Ndalandirapo anthu okwiya kuti foni yasiya kulira, chikhalirecho mwana anaikhoma pa 4G n'kuiwala.

Mphunzitsi uja anali ndi ma SIM awiri, choncho ndinaonanso kuti data yaikidwa pa uti. Pa mafoni ambiri akale, SIM ya data yokha ndiyo imalandira 3G kapena 4G, inayo imatsalira pa 2G.

Patapita masiku anatumiza uthenga kuti H+ imagwira pakhonde, m'chipinda ayi. Kusintha kumeneku sikuwonjezera mphamvu ya nsanja, kumangoletsa foni kuthawira ku 2G. Ndimatsegula foni pokhapokha ikakhalabe pa E m'tauni, pomwe SIM yomweyo ikulemba 4G mu foni ina. Musanalole aliyense kumasula foni yanu, yambani mwayesa zimenezi.