Layini Kaye, Gmail Pambuyo, WhatsApp Pomaliza

Ndimakonza mafoni pabenchi ina mumsika wa ku Limbe. Ntchito yanga yambiri ndi kusintha magalasi osweka ndi madoko a tchaja, koma ntchito imene imafuna mutu wozizira ndi ya munthu amene wabwera ndi foni yatsopano m'bokosi, yakale itabedwa kapena itatayika, n'kunena kuti, "Achimwene, mundibwezeretsere zinthu zanga." Ndimayamba ndamuuza zoona: ine sinditenga kanthu mufoni imene ili m'manja mwa wakuba. Chimene chimabwerera ndi chokhacho chimene foni yakale inakweza pa intaneti isanasowe. Ndipo kuti chibwerere, pali ndondomeko yake yosati n'kuidumphadumpha.

Ndifotokoze ndi nkhani ya mayi wina wogulitsa zitenje amene anamupisa m'chikwama mu minibasi. Anataya Tecno, n'kugula Itel yatsopano. Chimene chinkamudetsa nkhawa kwambiri ndi manambala a makasitomala amene anatenga katundu pa ngongole, zithunzi za ukwati wa mwana wake, ndi mauthenga a pa WhatsApp momwe munali mapangano a malipiro.

Ndisanayatse n'komwe foni yatsopanoyo, ndinawafunsa kuti, "Mayi, layini yanu yakale mwaibwezeretsa?" Anali atagula simu ina ya nambala yatsopano. Ndinawatumiza kushopu ya kampani ya layini yawo ndi chiphaso cha unzika kuti akawapatse simu ina ya nambala yakale ija. Chifukwa chake n'chakuti Google ndi WhatsApp zonse zimatumiza nambala zachinsinsi kudzera pa uthenga wa pafoni kuti zitsimikize kuti ndinu mwiniwake. Popanda nambala yakale, makomo onse awiri akhoza kukhala otseka. Komanso simu yatsopano ikayamba kugwira ntchito, ya wakuba ija imafa, ndipo sangalandirenso mauthenga anu. Ndalama za ku Mpamba kapena Airtel Money zimakhala ku akaunti ya nambalayo, ndiye zimabwera nayo. Koma manambala a anthu amene anasungidwa pa simu yakale sabwera, chifukwa simu yatsopano imabwera yopanda kanthu.

Atabwerako, tinafika povuta penipeni: akaunti ya Google. Anthu ambiri kuno sadziwa kuti ali nayo, chifukwa anawatsegulira ndi mnyamata wa pashopu tsiku logula foni, pongofuna kuti aike WhatsApp. Mayiwa sankakumbukira imelo yawo ngakhale pasiwedi. Pa tsamba lolowera la Google ndinadina `Forgot email?`, n'kulemba nambala yawo ya foni ndi dzina lawo. Uthenga unabwera pa simu yobwezeretsedwa ija, ndipo imelo inaoneka. Kenako pa `g.co/recover` tinaika pasiwedi yatsopano mwa njira yomweyo. Izi zinatheka chifukwa wotsegula akauntiyo anaikamo nambala ya mayiwa. Akanaika yake, tikanayamba kumusakasaka munthuyo. Choipa chimene anzanga ena amachita pamenepa ndi kungomutsegulira kasitomala Gmail ina kuti ntchito ithe msanga. Foni imayaka bwinobwino, koma imakhala yopanda kanthu, ndipo kasitomala amapita kwawo akuganiza kuti zonse zinapita ndi wakuba.

Ndisanakhudze foni, ndimayamba ndaona pa kompyuta chimene chilipo, kuti munthu asayembekezere zimene kulibe. Pa `contacts.google.com` tinapeza manambala ambiri a makasitomala awo. Amene ankasowa ndi aja ankawasunga ku `Phone` kapena ku `SIM` m'malo mosunga ku akaunti ya Google. Pa `photos.google.com` zithunzi za ukwati zinalipo, koma za miyezi yaposachedwa kunalibe. Chifukwa chake ndimachidziwa bwino. Google Photos imadikira wayifayi kuti ikweze zithunzi, pokhapokha mwini foni atailola kugwiritsa ntchito deta ya pa layini. Ambiri a ife timagula bandulo ya WhatsApp ndi Facebook yokha, imene siifikira ku Google. Ndiye foni imatha miyezi ikungolemba kuti `Waiting for Wi-Fi` mwiniwake osaona. Zithunzi za ukwati zinakwera chifukwa mayiwa anagonako kwa mwana wawo kumene kuli wayifayi. Chinanso chimene chimaimitsa kukweza ndi kudzaza kwa malo: Google imapereka magigabayiti 15 aulere, ndipo Gmail, Drive, zithunzi, ngakhale zosunga za WhatsApp kuyambira 2024, zonse zimadya pomwepo.

Pamenepo m'pamene ndinayatsa foni yatsopano, n'kuilumikiza ku wayifayi ya pabenchi. Itafunsa zokopera zinthu za foni yakale, ndinasankha zochokera ku akaunti ya Google. Inafunsa nambala imene mayiwa ankatsegulira foni yobedwayo, chifukwa zosungazo zimakiyidwa ndi nambala yomweyo, ndipo iyi ankaikumbukira. Mapulogalamu, mauthenga ndi mbiri ya mafoni oimbidwa zinayamba kutsika. Apa musachedwe dala: foni ikatha masiku 57 osagwiritsidwa ntchito, Google imafufuta zosunga za mtundu uwu, ngakhale zithunzi ndi manambala a mu akaunti zimatsala.

WhatsApp ndimaiika pomaliza, ndipo apa m'pamene ambiri amadzipweteka ndi phuma. Imafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi: nambala yakale yomweyo, ndi akaunti ya Google yomweyo italowetsedwa kale mufoni. Mukalemba manambala 6 obwera pa uthenga, imakuonetsani zosunga zimene yapeza, tsiku lake ndi kukula kwake, n'kukufunsani `Restore` kapena `Skip`. Funsoli limabwera kamodzi kokha. Mukadina `Skip`, muyenera kuichotsa WhatsApp n'kuiikanso, ndipo mukazengereza foni yatsopano ikhoza kukweza zosunga zake zopanda kanthu pamwamba pa zakale zija. Ndinawaonetsa mayiwa tsiku limene linalembedwa pamenepo, kuti adziwe kuti mauthenga obwera pambuyo pa tsikulo sabwerera. Makanema sanabwere chifukwa `Include videos` sinali yoyatsa. Zithunzi zina zimene zinkasowa tinazipeza popempha abale pa gulu la banja kuti atumizenso.

Chomaliza ndi foni yobedwa ija. Pa `android.com/find` munthu angathe kuikiya kapena kuifufuta ali kutali, ndipo lamulolo limagwira foniyo ikangolumikizidwa ku intaneti. Tinaifufuta, chifukwa munali zithunzi za chiphaso chawo. Nambala ya IMEI yoti akapereke kupolisi inali pa bokosi la foni yakale kunyumba. Ya foni yatsopano tinaipeza podina `*#06#` n'kuilemba papepala.

Pali zimene sindingathe ngakhale mutandilipira bwanji: mafayilo a pa memori khadi imene inapita ndi foni, nyimbo ndi zikalata za mu `Download` zimene sizinakwezedwe, ndi zosunga za WhatsApp zimene munaziikira pasiwedi yake n'kuiiwala. Wina akakuuzani kuti ali ndi makina okokera zimenezi kuchokera mufoni imene palibe, akufuna kukudyerani ndalama.

Inu amene foni yanu ikadali m'thumba, lero lomwe lembani imelo yanu ndi pasiwedi m'kope la kunyumba, onetsetsani kuti nambala yobwezeretsera akaunti ndi yanu, ndipo tsegulani `Chat backup` mu WhatsApp muone tsiku limene inasunga komaliza. Tsiku limenelo ndi pamene ine ndidzalekezere mukadzabwera pabenchi panga.