Tchalitchi chinasanduka bwanji ndende?

Mu Chiswahili ndende amati gereza. Mawuwa anachokera ku Chipwitikizi, igreja, ndipo kwa eni ake igreja ndi tchalitchi. Nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Apwitikizi atayamba kumanga linga la Fort Jesus ku Mombasa mu 1593, anaikamo kanyumba kopemphereramo mkati mwa mpanda wamiyala. Akatswiri ena amafotokoza kuti anthu akumeneko ankatchula linga lonselo ndi dzina la kanyumbako, ndipo poti m'malinga otere ndi momwe ankatsekeramo anthu, dzinalo linatsalira pa ndende. Angerezi nawo anadzagwiritsa ntchito linga lomwelo ngati ndende mpaka 1958.

Kwathu kuno mawu otere anakwera ndi amalonda a mumtsinje wa Zambezi. Kapitawo, uja amayang'anira aganyu kumunda wa tiyi, anali capitão, mkulu wa asilikali kapena wa ngalawa. Ulamuliro unatsala, mfuti ndi nyanja zinachoka.

Mawu ena sanasinthe tanthauzo, lilime lathu linangowawongola. Sapato tinaiika n patsogolo n'kukhala nsapato, batata n'kukhala mbatata. Carta, poti sitigundanitsa r ndi t, tinalowetsa a pakati, ndiye kalata imeneyo.