Masiku 40 a Lenti

Mnyamata wina wa pasukulu anamva m'tchalitchi kuti nyengo ya Lenti ili ndi masiku 40. Iye analonjeza mumtima mwake kuti sadzadya nzimbe kufikira masikuwo atatha. Tsono anatola njere 40 za chimanga naziika m'chikho, ndipo m'mawa uliwonse anali kutulutsamo imodzi, kuyambira pa Lachitatu la Phulusa. Koma taonani, njere yotsiriza inatuluka pa Lamulungu la Kanjedza, Pasaka isanafike. Panatsala sabata yathunthu. Mnyamatayo anavutika mtima, nati, "Kodi ndalakwa ndine, kapena alakwa ndi akulu a Mpingo?"

Akulu a Mpingo sanalakwe, ndipo njere zake zinali zokwana. Chimene iye sanadziwe ndi ichi: masiku a Lamulungu sawerengedwa pamodzi ndi masiku 40 aja.

Lenti ndi nyengo ya kusala kudya ndi ya kulapa. Chiwerengo chake chichokera m'Malembo Oyera, pakuti Ambuye Yesu anasala kudya m'chipululu masiku 40. Mose nayenso anakhala paphiri la Sinai masiku 40, ndipo Eliya anayenda ulendo wa masiku 40 kufikira paphiri la Horebu. Koma Lamulungu ndilo tsiku limene Ambuye anauka kwa akufa. Chifukwa chake Akhristu akale anayesa Lamulungu lililonse ngati Pasaka yaing'ono, naona kuti sikuyenera kusala kudya pa tsiku la chimwemwe lotere. Munthu salira maliro pa tsiku la ukwati.

Kalendala ya chaka cha 2025 ionetsa bwino kawerengedwe kake. Lachitatu la Phulusa linali pa 5 Malichi, ndipo Pasaka inali pa 20 Epulo. Kuyambira pa 5 Malichi kufikira pa 31 Malichi pali masiku 27. Kuyambira pa 1 Epulo kufikira pa 19 Epulo, ndilo Loweruka Loyera, pali masiku 19. Kuphatikiza 27 ndi 19, masiku onse akhala 46. M'kati mwa masiku amenewa muli masiku 6 a Lamulungu: pa 9, 16, 23 ndi 30 Malichi, ndi pa 6 ndi 13 Epulo. Pochotsa 6 pa 46, atsala 40.

Pasaka isuntha chaka ndi chaka, pakuti itsata mwezi wa kumwamba, koma chiwerengo ichi sichisintha. Nthawi zonse Pasaka igwa pa Lamulungu, ndipo Lachitatu la Phulusa litsogola ndi masiku 46.

Nanga bwanji Lenti iyamba pa Lachitatu, pakati pa sabata? Kalekale mumzinda wa Roma nyengoyi inali kuyamba pa Lamulungu, nikhala masabata 6, ndiwo masiku 42. Pochotsa masiku 6 a Lamulungu, osala kudya anali 36 okha. Papa Gregori Wamkulu, amene analamulira Mpingo kuyambira mu 590 kufikira mu 604, anaphunzitsa kuti masiku 36 amenewa ali ngati chachikhumi cha chaka choperekedwa kwa Mulungu. Koma pambuyo pake Akhristu anafuna kuti kusala kwao kulingane ndi kwa Ambuye. Chotero anawonjeza masiku anayi patsogolo: Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu ndi Loweruka. Masiku 36 ndi 4 apanga 40, ndipo loyamba la anayiwo ndilo Lachitatu la Phulusa.

Pali kanthu kena koyenera kukadziwa. Kuyambira mu 1969 malamulo a Mpingo wa Katolika anena kuti Lenti itha madzulo a Lachinayi Loyera, Misa ya Mgonero wa Ambuye isanayambe. Masiku otsatawo ali ndi ulemu wao wapadera. Komabe Lachisanu Loyera ndi tsiku losala kudya, ndipo Akhristu alimbikitsidwa kusalabe kufikira Loweruka Loyera. Motero wowerenga masiku a kudzimana monga mwa kale apezabe 40.

Mphunzitsi atamlongosolera zonsezi, mnyamata uja anazindikira pamene anasokera. Iye anatulutsa njere ngakhale pa masiku 6 a Lamulungu, ndipo chifukwa chake zinatha msanga. Anabweza njere 6 m'chikho, imodzi ya tsiku lililonse kuyambira Lolemba kufikira Loweruka Loyera, nasunga lonjezo lake. Nzimbe anaidya m'mawa wa Pasaka, pochokera ku tchalitchi.

Chaka chinacho anaikanso njere 40 m'chikho, koma pa Lamulungu sanali kuchikhudza. Njere yotsiriza inatuluka pa Loweruka Loyera, ndipo m'mawa mwake belu la Pasaka linalira.