Safunsa anadya phula: filimu yanga yoyamba ku Chipasula

Tchuthi chapitachi ndinkakhala kwa amalume ku Biwi, ndipo mtsikana amene ndinakhala ndikumuyang'ana chaka chonse m'kwaya ankakhala kwa achemwali ake ku Chipasula. Nditalimba mtima n'kumupempha kuti tidzacheze, anandiyankha kuti, "Mubwere kunyumba Lamlungu masana, achemwali ndi alamu adzakhalapo. Mubweretse filimu." Ndinasangalala kwambiri moti sindinaganize n'komwe kuti ntchito yovuta yonse anaisiya m'manja mwanga.

Kusankhako sikunanditengere mphindi zisanu. Ndinati mwana wa mpingo ngati ine ndingalakwitse bwanji ndi Hacksaw Ridge? Ndi filimu ya mu 2016 yonena za Desmond Doss, Mwadiventi wa ku America amene analowa usilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse koma anakana kugwira mfuti, ndipo mu 1945 anapulumutsa anzake ovulala okwana 75 pa chilumba cha Okinawa. Nkhaniyi ndinaimvapo kangapo pa maulaliki a achinyamata. Filimuyo sindinaionerepo, koma ndinkaona ngati ndikuidziwa. Ndinapita pamsika kwa anyamata oika mafilimu pa fulashi, ndinabwereka laputopu ya mnzanga, n'kukwera kabaza ulendo wa ku Chipasula.

Tinakhala pabalaza anthu asanu: iye, ine, achemwali ake, amuna awo ndi kamnyamata kawo ka zaka zisanu ndi ziwiri. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, koma ndinati batire itifikitsa. Poyamba zinkayenda bwino. Desmond akufunsira namwino dzina lake Dorothy, akupereka magazi kuchipatala pongofuna kumuonanso, ndipo achemwali ankaseka n'kumandiyang'ana cham'mbali. Kenako nkhani inafika kumalo ophunzirira usilikali, ndipo panatulukira msilikali wina ali mbulanda. Bambo a m'nyumbamo anatsokomola, n'kutuma mwana kukagula machesi amene sankafunika. Ine ndinkangoyang'ana nsapato zanga.

Zimenezo zinali zazing'ono. Litadutsa ola limodzi, asilikali anakwera phiri lija ndipo nkhondo inayamba. Anthu oduka miyendo, matumbo ali panja, ena akuyaka moto, makoswe akudya mitembo usiku. Ndinacheuka n'kuona kuti mtsikana uja sakuyang'ananso laputopu. Manja ake anali atagwira chitenje mwamphamvu. Patapita kanthawi anadzuka, n'kunena motsitsa kuti, "Ndikaone madzi pambaula," ndipo sanabwerenso. Posakhalitsa batire inatha. Filimuyi ndi ya maola awiri ndi mphindi 19, pamene laputopu yobwerekayo sinkatha kufika maola awiri. Choncho tinaonera magazi, koma chipulumutso chimene ndinadzera sitinachione.

Achemwali ake ndi amene anandiperekeza mpaka pamsewu. Ali m'njira anandifunsa kuti, "Kodi achimwene, filimu imeneyi munayamba mwaionera nokha?" Ndinavomera kuti ayi. Anakhala chete pang'ono, kenako anandiuza kuti mng'ono wawoyo ali ku sekondale anachita ngozi ya minibasi pamodzi ndi bambo awo. Iye anatuluka ndi mabala ochepa, koma bambowo anamwalira iye akuona. Sanandikalipire. Anangoti, "Mukanafunsa."

Usiku umenewo sindinagone. Chimene chinkandipweteka n'chakuti filimu ija ndinasankhira ine mwini, kuti ndioneke mnyamata wauzimu pamaso pa banja lawo. Sindinadzifunse kuti munthu amene adzakhale pambali panga wasenza zotani. Filimu ikhoza kukhala yoona, yonena za munthu wa chikhulupiriro chathu, koma osayenera madzulo amenewo ndi munthu ameneyo. Ku America anaipatsa chilembo cha R, kutanthauza kuti wosakwana zaka 17 asaonere popanda wamkulu, makamaka chifukwa cha zoopsa za nkhondozo. Pa fulashi ya pamsika chilembocho sichioneka. Koma ndikanangolemba dzina la filimuyo pa IMDb n'kutsegula pamene alemba kuti Parents Guide, ndikanapeza zonse zitandandalikidwa, za umaliseche ndi za magazi zomwe, komanso kutalika kwake.

Ndinapepesa pa foni, ndipo patatha masabata awiri anandilola kubweranso. Ulendo uno ndinatenga The Boy Who Harnessed the Wind, ya mu 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anapanga makina oyendera mphepo atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Ndinaionera ndekha kuyambira poyamba mpaka pamapeto, osadumphitsa. Ndipo ndinapeza kuti nayonso si yopepuka ngati mmene dzina lake limamvekera. Muli njala, muli anthu olimbirana chimanga, mfumu ikumenyedwa pamsonkhano wa ndale, galu wa William akufa, ndiponso muli maliro.

Ndinamuimbira Lachinayi n'kumufotokozera zimenezi chimodzichimodzi, osaulula mathero. Ndinamuuzanso kuti ndili ndi ina yoseketsa ngati imeneyi angaione kuti ndi yolemera. Anaganiza kaye, n'kufunsa kuti, "Muli ngozi ya galimoto?" Ndinati mulibe. "Magazi?" Ndinati ochepa kwambiri, pamene akumenya mfumupo, ndipo ndidzamuuza tikamayandikira. Anati, "Bweretsani ya Kamkwambayo." Apa m'pamene ndinazindikira kuti kumuuza zimene zili m'filimu sikuononga chisangalalo. Kunam'patsa mpata wosankha yekha, umene ulendo woyamba ndinamulanda.

Ndinawerengeranso nthawi. Filimuyi siikwana maola awiri, choncho tikayamba 2 koloko tikhala titamaliza 4 koloko isanakwane, n'kutsala ndi nthawi yocheza dzuwa lisanalowe, chifukwa njira ya ku Biwi usiku si yoyenda utanyamula laputopu ya mwini. Ndinaitchaja mpaka kudzaza, ndinachepetsa kuwala kwa sikirini, ndipo ndinabwereka kasipika kuti tisamachite kuunjikana pofuna kumva.

Chimene sindinachiyembekezere ndi kuseka. Ena mwa osewera akuluakulu m'filimuyi si Amalawi, kuphatikizapo Chiwetel Ejiofor amene anaitsogolera n'kusewera ngati bambo a William, ndipo Chichewa chawo chimapindika lilime. Kamnyamata kaja kankabwereza mawu awo n'kumagubuduka pamkeka. Koma itafika pa njala, pabalaza panati zii. Filimu itatha, bambo a m'nyumbamo, amene ulendo woyamba sanandilankhule mawu opitirira atatu, anayamba kusimba za njala ya 2002, mmene iwo ali mnyamata ankadzukira usiku kukaima pamzere wa chimanga ndi mayi awo, n'kubwerako ndi madeya okha. Achemwali anawonjezera zawo. Kenako mtsikana uja, mosafunsidwa ndi aliyense, ananena kuti bambo ake ankakonda kukonza mawailesi ngati William, ndipo mpaka pano amasunga kabokosi kawo ka mawaya. Aka kanali koyamba kumumva akutchula bambo ake.

Anandiperekeza yekha tsiku limenelo, kamnyamata kaja kakutsogola. Tili pafupi ndi pokwerera kabaza anandifunsa ngati Desmond uja anapulumuka. Ndinamuuza kuti inde, anabwerera kwawo kwa Dorothy ndipo anamwalira ali nkhalamba mu 2006. Anamwetulira n'kunena kuti, "Ndiye mudzangondifotokozera pakamwa mmene anawatsitsira anzakewo paphiri. Ulendo winawo filimu ndidzasankha ndine."