Taroti si maula achizungu

Akonzi,

Kuno kwa Kamwendo achinyamata ayamba kuona pa mafoni anthu akutembenuza makadi a zithunzi n'kumauza ena za moyo wawo. Makadiwa amatchedwa taroti. Ophunzira anga ena amati ndi maula achizungu, ena amati ndi zausatana. Ine ndikuona kuti mayina onsewa akuphonya, ndipo kuphonyako kungathe kupweteketsa munthu.

Taroti ndi mpukutu wa makadi 78. Makadi 22 ndi akuluakulu, okhala ndi zithunzi monga Dzuwa, Mwezi ndi Imfa, pomwe 56 otsalawo ali m'magulu anayi ngati makadi a njuga. Anayambira ku Italy cha m'ma 1440 ngati masewera chabe, ndipo kuombezera kunabwera pambuyo, ku France m'zaka za m'ma 1780. Zithunzi zimene zimaoneka kwambiri lero anajambula ndi Pamela Colman Smith, ndipo zinasindikizidwa ku London mu 1909. Matanthauzo ake ali m'mabuku, choncho aliyense akhoza kugula makadi n'kuphunzira.

Maula athu sayenda choncho. Woombeza ambiri amati ntchitoyi anaitanidwa ndi mizimu, kudzera m'maloto kapena matenda, kapena anasiyiridwa ndi makolo. Ena amagwiritsa ntchito nsupa, ena galasi, ena amabwebweta. Koma kusiyana kwenikweni kuli pa funso limene munthu amapita nalo.

Tiyerekeze mnyamata amene walephera mayeso a Fomu 4 kawiri. Wa taroti amuuza kuti asankhe makadi atatu: la zakale, la lero ndi la zam'tsogolo. Likatuluka khadi la nambala 13, la Imfa, mabuku awo ambiri amati silikunena maliro koma kutha kwa chinthu china kuti chatsopano chiyambe. Mnyamatayo angauzidwe kuti aganizire za sukulu ya ntchito zamanja. Nkhani yonse ndi ya iye yekha, ndipo akhoza kuitaya osauza munthu.

Ku maula sapita yekha. Amatsogolera ndi malume, mwinimbumba, ndipo nthawi zambiri amasankha woombeza wakutali amene sadziwa za pamudzipo. Funso limakhala lakuti, "Chachititsa n'chiyani, nanga bwanji mwana wathu yekhayu?" Yankho lingakhale lakuti mizimu ya makolo yakwiya ndipo ikufuna nsembe, kapena pali mwambo umene unaphwanyidwa, kapena pali dzanja la munthu. Mayankho awiri oyambawo amasonkhanitsa abale, ndipo nthawi zina mkangano wakale umathera pomwepo. Lachitatulo ndi limene limagwetsa nyumba ya gogo wosalakwa.

N'chifukwa chake ndimakana mawu oti maula achizungu. Mwana amene wazolowera maula akamva wa pa foni akuti "pali munthu wapafupi amene sakukufunira zabwino", amayamba kuwerenga azakhali ndi oyandikana nawo. Chonsecho mawu amenewo auzidwa anthu zikwizikwi nthawi imodzi, ndi munthu amene sadziwa n'komwe kuti Mchinji ili kuti.

Nanga tizikamba bwanji mwaulemu? Choyamba, titchule chinthu ndi dzina lake. Sing'anga wa zitsamba, woombeza ndi mfiti si munthu mmodzi, ndipo wogwira makadi sitingomutcha wasatana tisanamve zimene iye amakhulupirira. Ena mwa iwo amati makadiwo amangowathandiza kulingalira, sanena za mizimu.

Chachiwiri, tisiyanitse kufotokoza ndi kuvomereza. M'kalasi ndimati "woombeza amakhulupirira kuti", osati "zoona zake n'zakuti" kapena "anthu osaphunzira amati". M'chipinda chimodzi mumakhala mdzukulu wa sing'anga, mwana wa abusa ndi mwana wa shehe. Amene chipembedzo chake chimaletsa kuombeza ali ndi ufulu wonena kuti "kwathu sitichita", popanda kunyoza agogo a mnzake.

Chachitatu, ulemu uli ndi malire ake. Ngati woombeza, wa nsupa kapena wa makadi, wayamba wakufunsani mafunso ambiri kenako n'kukubwezerani mawu anu omwe ngati masomphenya, chenjerani. Akakuopsezani ndi imfa kuti mutumize ndalama zina pa foni, kapena akakuletsani kupita kuchipatala, pamenepo tisachite manyazi kutsutsa. Ndipo akatchula dzina la munthu kuti ndi mfiti, tikumbuke kuti lamulo la za ufiti la 1911 limati kuloza munthu chala chotero ndi mlandu.

Makolo anzanga, mukapeza mwana akuonera makadiwa musathamangire kumulanda foni. Mufunseni chimene akufuna kudziwa. Kawirikawiri mupeza kuti ndi mayeso, fizi kapena chibwenzi, ndipo zimenezo tingathe kukambirana pakhonde.

Mphunzitsi,
Kamwendo, Mchinji